Mwana Akasowa mu Zomba: Mmene Mungalembere Uthenga Wopempha Anthu Kuti Athandize Kumufuna

Uthenga wonena za mwana wosowa umalembedwera munthu amene sanamuonepo mwanayo. Amene amamudziwa, monga azakhali ake ndi anansi, safunika kuuzidwa maonekedwe ake. Wofunika kumuganizira ndi wakabaza wa pa Matawale, mayi wogulitsa tomato mu msika waukulu, kapena kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde. Anthu amenewa aona uthenga wanu mothamanga ali pa ntchito, ndipo mwana akadutsa pamaso pawo adzamuona kamphindi kochepa chabe. Ngati zomwe mwalemba sizingawathandize kumuzindikira pa kamphindi kameneko ndi kudziwa choti achite, uthengawo ukhoza kufika m'mafoni ambirimbiri koma osapindula kanthu.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku Chinamwali wapita ku msika waukulu wa Zomba Loweruka m'mawa ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 5. Akusankha nsomba, wacheuka, mwana palibe. Tiyende nayo nkhani imeneyi kuyambira pamenepo.

Musanagwire foni kuti mulembe

Choyamba ndi kufuula ndi kuyang'ana pomwepo. Musangoitana dzina la mwana, chifukwa anthu okuzungulirani sakulidziwa. Nenani mokweza zomwe maso angaone: "Mwana wamwamuna wa zaka 5, malaya ofiira, kabudula wakuda!" Mukatero mavenda onse a mzere umenewo ayamba kuyang'ana nanu. Munthu mmodzi atsale pamalo pomwe mwana anaonekera komaliza, chifukwa ana ang'ono nthawi zambiri amabwerera pomwe anasiyana ndi mayi awo. Ena athamangire ku zipata za msika ndi ku depoti.

Ngati mwana wasowa pakhomo, yambani ndi malo amene angathe kumupha msanga, osati malo amene amakonda kusewera. Yang'anani m'chitsime, m'chimbudzi chokumba, m'maenje oumbira njerwa, m'ngalande, ndi m'mbali mwa mtsinje. Kwa anthu okhala pafupi ndi Likangala kapena Mulunguzi, makamaka nthawi ya dzinja madzi akamatsika ndi mphamvu kuchokera kuphiri, kumtsinje n'koyambirira kupitako. Kenako yang'anani m'nyumba bwinobwino, pansi pa bedi ndi kuseri kwa matumba a chimanga, poti mwana wotopa amagona paliponse. Imbirani agogo ake, azakhali ndi amalume, komanso bambo kapena mayi ake ngati banja linatha. Si zachilendo kuti wachibale atenge mwana osatsanzika.

Zonsezi zisakudyereni nthawi yaitali. Ngati mwazungulira malo apafupi ndipo mwana wamng'ono sakuoneka, kaneneni kupolisi nthawi yomweyo. Pali maganizo amene anafala akuti apolisi salandira nkhani ya munthu wosowa mpaka papite tsiku lathunthu. Pa nkhani ya mwana musamvere zimenezo, ndipo musadikire kuti kuche. Pitani ku polisi ya Zomba kapena ku polisi yaing'ono imene muli nayo pafupi, mutenge chithunzi cha mwana. Pemphani kuti nkhaniyo ilembedwe m'buku lawo, mufunse dzina la wapolisi amene wailandira ndi nambala yoti anthu aziimbapo. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imaona nkhani za ana ndi mabanja. Imbaninso 116, nambala yaulere yothandiza ana, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO lomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno.

Kupita kupolisi msanga kumathandizanso pa chifukwa china. Munthu wabwino akatola mwana wolira pamsewu, kawirikawiri amakamusiya kupolisi, kwa mfumu kapena kwa akuluakulu a msika. Mwina pamene inu mukuzungulira, mwana ali kale pa benchi kupolisi.

Ntchito zigawidwe. Mayi amene mtima uli m'mwamba sangalembe uthenga womveka, ndipo si bwino kumukakamiza. Wachibale mmodzi wodekha akhale wolemba ndi wolandira mafoni, wina apite kupolisi, ena apitirize kufunafuna.

Chithunzi

Sankhani chithunzi chaposachedwa chimene nkhope ikuoneka bwino, mwana ali yekha, akuyang'ana kutsogolo. Makolo ambiri amathamangira chithunzi chokongola kwambiri, cha tsiku la ukwati wa azakhali, mwana atavala suti ndi chipewa. Koma mwana amene anthu akumane naye pamsewu ndi wafumbi, wotopa, mwina wolira. Chithunzi cha tsiku wamba ndi chimene chimafanana naye. Ngati chomwe muli nacho ndi cha gulu, dulani kuti atsale yekha, kuopa kuti anthu angamafune mwana wolakwika. Ngati ndi chakale, nenani kuti chinajambulidwa chaka chatha ndipo pano wakula, kapena kuti tsitsi anameta. Ngati chithunzi palibiretu, musaimitse uthenga chifukwa cha chimenecho. Funsani aphunzitsi ake kapena achibale, koma mawu atsogole.

Zoyenera kulemba, ndi dongosolo lake

Mzere woyamba unene nkhani yonse: mwana wasowa, kuti, tsiku liti. Tsikulo lilembedwe lonse, dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka. Mawu akuti "lero" kapena "dzulo" ndi amene amaononga mauthenga ambiri otere. Uthenga ukangochoka m'manja mwanu umayenda wokha, ndipo ukhoza kudzatulukira pa gulu lina patapita miyezi, anthu n'kumafuna mwana amene anapezeka kalekale. Anthu akapusitsidwa kangapo ndi mauthenga akale, amasiya kulabadira ngakhale atsopano.

Kenako dzina. Lembani dzina limene mwana amayankha akaitanidwa, ngakhale likhale la kunyumba, pamodzi ndi la kusukulu. Mwana wa zaka 5 amene kunyumba amamutchula dzina lachibwana sangacheuke mlendo akamuitana ndi dzina la m'buku la kusikelo. Onjezani dzina la mayi kapena bambo monga mwanayo amalitchulira, chifukwa wotola mwana amayamba kufunsa kuti, "Amayi ako ndani? Kwanu n'kuti?"

Pa maonekedwe ndi pomwe pamafunika kuchedwapo. Taonani kusiyana kwa ziganizo ziwirizi. China chikuti, "Ndi mwana wakuda, wooneka bwino, wamtali pang'ono." Chinacho chikuti, "Ndi wakuda, wochepa thupi, msinkhu wake amafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, anameta mpala, mano awiri akutsogolo am'munsi anachoka." Choyambacho chikukwanira pafupifupi mwana aliyense wa mu Zomba. Chachiwiri chikupatsa munthu zinthu zoti aziyang'ana. Msinkhu muufanizire ndi thupi la munthu wamkulu, chifukwa palibe amene amayenda ndi tepi yoyezera. Tchulani chimene chimamusiyanitsa ndi anzake: chipsera pachipumi, kutsimphina, chibwibwi, kuyamwa chala, mkanda wa m'khosi.

Zovala zilembedwe kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mtundu wake ndi chilichonse cholembedwa kapena chojambulidwa pa chovalacho. Funsani munthu amene anamuveka m'mawa, musaganizire. Ngati simukutsimikiza, kaoneni pa chingwe ndi m'chikwama cha zovala kuti chikusowa n'chiti. Ngati anavala yunifolomu, tchulani mtundu wake. Koma zovala zimasintha, mwana amatha kuvula juzi kukatentha kapena kutaya nsapato, n'chifukwa chake zizindikiro za pathupi ziyenera kutsogola.

Musaiwale chilankhulo. Mu Zomba muli mabanja ambiri olankhula Chiyao ndi Chilomwe. Mwana amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi akhoza kukhala chete akafunsidwa m'Chichewa, anthu n'kumuyesa wosalankhula. Ngati mwana samva, salankhula, kapena amaopa alendo n'kuthawa, nenani, ndipo muuze anthu chochita: asamuthamangitse, angomuyang'anira ndi kuimba foni. Ngati ali ndi matenda ofuna mankhwala pa nthawi yake, monga khunyu kapena mphumu, lembani kuti amadwala ndipo akufunika mankhwala msanga. Matenda ena amene angadzachititse kuti anzake azimusala simukuyenera kuwatchula dzina. Mawu oti "akufunika mankhwala tsiku lililonse" ndi okwanira.

Malo amene anaonekera komaliza atchulidwe mwatsatanetsatane. "Wasowa mu Zomba" sizithandiza, chifukwa Zomba ndi yaikulu, kuchokera ku Thondwe mpaka ku Domasi ndi kunyanja ya Chilwa. Lembani kuti mu msika waukulu, mbali yogulitsira nsomba, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Ngati wina anamuona akulowera kwinakwake, lembaninso, koma pokhapokha munthuyo mwalankhula naye nokha. Tchulaninso dera la kwawo, poti mwana wosochera amayesa kubwerera kunyumba, ndipo anthu a m'njira imeneyo ndi amene angakumane naye. Dera lokha ndi lokwanira, nyumba yeniyeni musailongosole.

Pomaliza, manambala. Ikani awiri, ndipo ndi bwino imodzi ikhale ya Airtel, ina ya TNM, kuti woimba asalephere chifukwa cha mayunitsi kapena netiweki. Lembani mwini wa nambala iliyonse, kuti ndi amalume a mwana kapena mayi ake. Werengani manambalawo mokweza munthu wina akumvetsera, kenako muyese kuimba. Nambala imodzi yokha ikalakwika, ntchito yonse yapita pachabe, ndipo simungathenso kubweza uthenga umene wafika kale kutali. Mafoni awiriwo akhale otchaja, ndipo asagwiritsidwe ntchito pocheza ndi achibale olira. Anthu ena alibe mayunitsi, choncho lembani kuti angathe kungoflasha, inu muwaimbira.

Uthenga wa mwana wa ku Chinamwali uja ungaoneke chonchi. Pomwe ndalemba kuti Uje, komanso pomwe pali "yakutiyakuti" mudzaikapo zenizeni.

"MWANA WASOWA MU MSIKA WAUKULU WA ZOMBA, Loweruka pa deti yakutiyakuti, mwezi ndi chaka chakutichakuti, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Dzina lake ndi Uje, wamwamuna, wa zaka 5, kwawo ku Chinamwali. Ndi wakuda, wochepa thupi, amafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, anameta mpala, mano awiri akutsogolo am'munsi anachoka. Wavala malaya ofiira a manja aafupi, kabudula wakuda ndi masilipasi obiriwira. Amalankhula Chichewa ndi Chiyao, ndi wamanyazi. Anaonekera komaliza mbali yogulitsira nsomba. Mukamuona, chonde khalani naye pomwepo ndipo imbani nambala yakutiyakuti ya amalume ake kapena yakutiyakuti ya mayi ake, kapena kamusiyeni kupolisi imene muli nayo pafupi. Ngati mulibe mayunitsi, flashani. Nkhaniyi tanena kale ku polisi ya Zomba."

Muona kuti mulibe mawu ofotokoza chisoni cha banja, ngakhale chisonicho n'chachikulu. Aliyense akudziwa mmene kholo limamvera. Mizere isanu ya madandaulo ikatsogola, malaya ofiira aja amakakhala pansi pomwe anthu ambiri safikapo powerenga.

Zimene muyenera kusiya dala

Sungani chizindikiro chimodzi osachilemba, makamaka chobisika, monga chipsera cha pamsana kapena chibadwa cha pantchafu. Chimenechi n'chimene mudzayesere anthu oimba foni, monga ndifotokozere m'munsimu.

Musalembe kuti mupereka ndalama kwa wopeza mwana. Ndikudziwa kuti kholo lingapereke chilichonse, koma kutchula ndalama kumaitana akathyali, ndipo kungachititse munthu woipa mtima kusunga mwana kuti mtengo ukwere. Kuthokoza mudzathokoza mwana ali m'manja.

Chachikulu pa zonse, musatchule munthu amene mukumukayikira, musaike chithunzi chake, ndipo musalembe kuti mwana wabedwa ngati palibe amene anaona. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu m'maboma a kum'mwera kuno. Uthenga umodzi wonena kuti "bambo wina wachilendo anaoneka atagwira mwana" ungachititse kuti gulu limenye munthu wosalakwa, mwinanso yemweyo amene amaperekeza mwana wanu kupolisi. Ndipo anthu akaona zotere amayamba kuopa kutola ana osochera. Ngati pali amene mukumukayikira, dzina lake kalineneni kwa apolisi okha. Ngati mwana wosowayo ndi wachialubino, musataye ngakhale mphindi imodzi: apolisi amve poyamba, uthenga ubwere pambuyo.

Kutumiza

Yambani ndi anthu amene ali pafupi ndi pomwe mwana wasowera, kenako muzikulitsa. Gulu la WhatsApp la mavenda a mu msika, la akabaza, la m'dera lanu, la mpingo kapena mzikiti, ndi la makolo a kusukulu ndi ofunika kuposa tsamba la Facebook lokhala ndi anthu ambiri a ku Lilongwe ndi ku Joni. Mwana wa zaka 5 woyenda pansi safika patali m'maola oyamba. Amene amafika patali ndi amene wakwera galimoto, n'chifukwa chake madalaivala, makondakitala ndi anyamata oitanira pa depoti ayenera kumva msanga. Msewu wa M3 umadutsa pakati pa tauni, kwina kupita ku Blantyre kudzera ku Namadzi, kwina ku Liwonde kudzera ku Domasi, ndipo mwana amatha kutsatira mayi wovala chitenje chofanana ndi cha mayi ake mpaka kukwera naye minibasi, kondakitala n'kumayesa kuti ndi wa mayiyo. Pemphani apolisi kuti adziwitse anzawo a pa malodibuloko.

Mawu alembedwe pansi pa chithunzi penipeni, zipite ngati chinthu chimodzi. Mukatumiza chithunzi pachokha ndi mawu paokha, pofika kwa munthu wachitatu chithunzi chimayenda chokha popanda nambala. Ngati pali wodziwa, alembe tsiku, malo ndi nambala pa chithunzi pomwepo. Jambulaninso mawu apakamwa osapitirira mphindi imodzi, onena zomwezo, chifukwa si onse amawerenga, ndipo wakabaza amamvetsera mosavuta kusiyana ndi kuwerenga. Ngati n'kotheka, wina awanenenso m'Chiyao. Kumbukirani kuti zoika pa Status zimafufutika pakatha maola 24, choncho muziikanso.

Anthu ambiri amene angakumane ndi mwanayo alibe foni ya intaneti. Uzani amfumu ndi achitetezo cha m'mudzi kuti alengeze. Pemphani kutchalitchi ndi kumzikiti. Pitani ku wailesi za mu Zomba momwemuno, monga YONECO FM ndi Chanco Community Radio, mutatenga uthenga wolembedwa kale kuti muulutsi angowerenga. Wina apite ku chipatala chachikulu cha Zomba ndi zipatala zazing'ono zapafupi kukafunsa ngati kwabwera mwana wosadziwika. Tsiku likatha asanapezeke, sindikizani uthengawo pa pepala, mumate pa zipata za msika, pa depoti, pa zigayo ndi pa mijigo.

Mafoni akayamba kulira

Wolandira mafoni akhale ndi kope ndi cholembera. Aliyense woimba afunsidwe zinthu zomwezo: mwamuona kuti, nthawi yanji, anavala chiyani, anali ndi ndani, amalowera kuti, ndipo mwamuona nokha kapena mwamva kwa wina? Lembani nambala yake ndi nthawi imene waimba. Musamuuze mayankho. Mukafunsa kuti, "Anavala malaya ofiira eti?" aliyense avomera. Funsani kuti, "Anavala chiyani?" Anthu awiri osadziwana akatchula dera limodzi, tumizani anthu kumeneko msanga ndipo dziwitsani wapolisi uja.

Ena adzaimba kuti mwana ali naye, koma mutumize kaye ndalama ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba. Pamenepa ndi pomwe chizindikiro chobisika chija chimagwira ntchito. Mufunseni kuti ayang'ane pamsana pa mwana anene chimene akuona, kapena amupatse foni mumve mawu ake, kapena amufunse dzina la agogo ake. Amene alidi ndi mwana sazengereza. Wabodza amakwiya, amati foni yatsala pang'ono kuzima, amakufulumizitsani. Musatumize ndalama. Muuzeni akhale pomwe alipo kapena apite kupolisi yapafupi, inu mubwera. Popita kukakumana ndi munthu wotere musapite nokha, ndipo ngati akuopseza kapena kufuna dipo, nambala yake ipite kwa apolisi nthawi yomweyo.

Pakapezeka chatsopano, monga kuti mwana anaoneka ku Mpondabwino masana, musangotumiza kachidutswa kokha. Lembaninso uthenga wonse, pamwamba muike tsiku ndi nthawi yatsopano. Uthenga uzichokera kwa munthu mmodzi, kuti pasakhale mitundu itatu yosemphana zovala ndi zaka.

Ngati wosowayo ndi wamkulupo, wa zaka 13 kapena 15, kalembedwe n'komweko koma samalani kwambiri ulemu wake. Musalembe kuti wathawa ndi mwamuna, waba ndalama, kapena ndi wosamvera. Mawu otere adzamutsata kusukulu kwa zaka, ndipo iye mwini akawaona angaope kubwerera. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho apolisi ayenera kuilandira nkhaniyo ngakhale zikuoneka kuti anachoka yekha. Anzake apamtima afunsidwe modekha, paokha, chifukwa nthawi zambiri amadziwa kanthu. Mu uthengamo muikemo mzere umodzi wolankhula kwa iye, wonena kuti kunyumba akumudikira ndipo palibe amene amukalipire.

Akapezeka

Dziwitsani apolisi, a 116 ngati munawaimbira, amfumu ndi wailesi. Kenako tumizani uthenga wotseka m'magulu onse amene munatumizamo woyamba: "Mwana Uje amene anasowa mu msika wa Zomba pa deti yakutiyakuti WAPEZEKA, ali bwino. Zikomo nonse. Chonde fufutani chithunzi chake ndipo musatumizenso uthenga uja." Pa Facebook konzani uthenga woyamba womwewo polemba kuti WAPEZEKA pamwamba, kenako muuchotse. Mapepala omata aja akamatulidwe. Simukuyenera kufotokozera gulu komwe anali ndi zomwe zinamuchitikira, ngakhale anthu afunse motani.

Mwanayo musamumenye kapena kumukalipira, ngakhale mtima ukuwawa. Mupatseni madzi ndi chakudya, apume, kenako mumufunse pang'onopang'ono komwe anali ndi amene anali naye. Ngati wagona kunja, ali ndi bala, akumva kuwawa poyenda kapena pokodza, kapena wangoti zii mosiyana ndi khalidwe lake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo musanamusambitse, ndipo zovala zimene anavala muzisunge osachapa. Ngati wachitidwa nkhanza zogonana, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga.